Katete ndi Petauke sanalandire uthenga: usiku wa Mabvuto

Mabvuto: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndalemba zimene zinandichitikira Lachitatu usiku, chifukwa mwina wina pagulu lino zingamuthandize. Ndi yaitali pang'ono, mundipirire.

Ndili ndi miyezi 4 pa ntchito. Ndife atatu mu kaofesi kathu kuno ku Chipata, ndipo ntchito imodzi imene anandisiyira ndi pulogalamu ya Python yotumiza mameseji kwa alimi a bungwe lina. Imawerenga failo ya alimi, dzina, foni ndi boma, kenako imatumiza uthenga kwa amene ali m'maboma amene bungwelo likugwiramo ntchito. Poyamba maboma anali atatu, Chipata, Chadiza ndi Katete. Sabata yatha anandiuza kuti ndiwonjezere Petauke, Lundazi ndi Sinda. Ndinawonjezera, inali ntchito ya mphindi ziwiri.

Lachitatu cha m'ma 4 koloko madzulo tinatumiza uthenga woti Lachisanu alimi abweretse soya kumalo ogulira. Mu failo munali alimi 1,240. Pulogalamu inatha bwinobwino, osadandaula chilichonse, n'kulemba kuti yatumiza 803. Nambalayo ndinaiona ndithu, koma sindinaifunse. Cha m'ma 6 mlangizi wa ku Katete anaimba foni. Anati mwa alimi ake palibe ndi mmodzi yemwe walandira, ndipo ena ayenera kukonzeratu ngolo. Wa ku Petauke ananenanso zomwezo. Abwana anali paulendo wa ku Lusaka. Ndinatenga laputopu kupita nayo kunyumba ku Kapata, mumtima ndikuti ola limodzi ndithana nazo.

Mabvuto: Choyamba ndinaganiza netiweki. Katete ndi Petauke onse ali mumsewu wa ku Lusaka, ndiye ndinati kapena nsanja zavuta mbali imeneyo. Koma Sinda ali pakati pawo, ndipo a ku Sinda analandira onse. Ndinalowa patsamba la kampani imene imatitumizira mameseji, ndinapeza kuti manambala a Katete ndi Petauke sanafikeko n'komwe. Ndiye vuto linali kwa ine.

Ndinayang'ana zimene pulogalamu imalemba ikamayamba. Mzere woyamba unali uwu:

```
Maboma: Chipata,Chadiza,Katete,Petauke,Lundazi,Sinda
```

Onse 6 alipo. Apa ndi pamene ndinatsekera chitseko cholondola, ndinati mndandanda wa maboma uli bwino, vuto lili mu failo ya alimi. Ndinayamba kuisanthula. Ndipo zoipa ndinazipezamo ndithu, alimi 12 analembedwa `katete ` ndi chilembo chaching'ono komanso mpata kumapeto. Mtima unagunda, ndinati ndachigwira. Ndinaika `.strip()` ndi `.title()`, ndinayesa popanda kutumiza zenizeni, Katete 0, Petauke 0.

Malaiti anapita cha m'ma 11. Ndinakhala pampando wa pakhonde ndi intaneti ya pafoni, udzudzu uli m'miyendo, batire ili pa 61. Ndinasunganso failo mwa njira ina poganiza kuti Excel yaikamo zilembo zosaoneka. Ndinafufuza manambala ngati onse ayamba ndi 260. Ndinachotsa laibulale yotumizira n'kuikanso. Amayi anadzuka cha m'ma 2, anandipeza nkhope ikuwala ndi sikirini, anangondifunditsa chitenje osanena kanthu.

Itakwana 4, atambala ayamba, batire ili pa 9, nzeru zinali zitatha. Ndinatsegula Python n'kufunsa funso limene ndinkaliona ngati lopanda ntchito:

```python
>>> "Katete" in MABOMA
False
>>> len(MABOMA)
5
>>> MABOMA
['Chipata', 'Chadiza', 'Katete,Petauke', 'Lundazi', 'Sinda']
```

Ndinatsegula failo ya mndandandawo:

```python
MABOMA = [
    "Chipata",
    "Chadiza",
    "Katete,"
    "Petauke",
    "Lundazi",
    "Sinda",
]
```

Mpatuliro wa pa Katete unali m'kati mwa mitengero m'malo mokhala kunja. Failo imeneyi ndinaitsegula kangapo usikuwo, maso amaona mpatuliro pamzere uliwonse n'kudutsa. Ndinausuntha malo amodzi. Katete 256, Petauke 181. Alimi 437 aja onse anabwerera. Laputopu inazima ndisanaimirire n'komwe.

Tikambenji: Pepa Mabvuto. Koma ine pali chimene sindikumvetsa. Ngati mpatuliro unasowa pakati pa zinthu ziwiri, Python inayenera kukana kuyamba. Ine ndikaiwala mpatuliro imandipatsa `SyntaxError` nthawi yomweyo. Kapena unali ndi `try` penapake imene inameza uthengawo?

aTembo: Tikambenji, zimene wanenazo ndi zoona pa manambala ndi pa mayina a zinthu. Lemba `[1 2]` uone, ikana. Koma mawu a m'mitengero ali ndi lamulo lawolawo. Python ikaona awiri atagundizana, pakati palibe china koma mpata kapena mzere watsopano, imawalumikiza kukhala amodzi. Imachita zimenezi pamene ikuwerenga khodi, isanayambe n'kuiyendetsa komwe. Ndiye `"Katete," "Petauke"` kwa iyo ndi chinthu chimodzi, `"Katete,Petauke"`. Palibe chimene `try` ikanameza, chifukwa kwa Python palibe chimene chinalakwika.

Anachita dala. Khalidweli lilinso mu C, ndipo limathandiza ukafuna kudula chiganizo chachitali pamizere ingapo. Anthu anayesapo kulichotsa. Mu 2007 kunali PEP 3126 yopempha zimenezo, inakanidwa. Mu 2013 Guido van Rossum mwiniwake, amene anayambitsa Python, anadzutsanso nkhaniyi ataiwala mpatuliro pakati pa mawu awiri. Mpaka lero lamulolo lilipo. Ndiye mphwanga Mabvuto, dzenje limene wagweramo ndi lakale ndipo lagwetsa ambiri.

Tikambenji: Chabwino, ndayesa, zoonadi yalumikiza. Koma funso lina. Mawu oti Katete alimobe mu `"Katete,Petauke"`. Nanga `in` inayankha bwanji kuti `False`? Ine ndimagwiritsa ntchito `in` kufufuza mawu m'kati mwa mawu ena tsiku lililonse.

aTembo: Zimatengera chimene chili kudzanja lamanja. Chikakhala mawu, `in` imafufuza kachidutswa m'kati mwake. Chikakhala mndandanda, imatenga chinthu chilichonse chathunthu n'kufunsa ngati chikufanana ndendende ndi chimene wapereka.

```python
>>> "Katete" in "Katete,Petauke"
True
>>> "Katete" in ["Katete,Petauke"]
False
```

Mlimi akanalembedwa kuti boma lake ndi Katete,Petauke ndiye akanalandira uthenga. Boma lotero kulibe.

aJere: Ana inu, mpatuliro umenewu ndi woopsa. Ine kusitolo kwanga ku Lundazi chaka chatha mnyamata analemba mtengo wa thumba la feteleza ndi mpatuliro pakati pa nambala, titaika failo mu pulogalamu ya katundu nambala inagawika pawiri, zigawo zonse zinasunthira kumanja. Dzina la wogula linakakhala pamalo a tsiku. Mabvuto, uwauze a bungwelo asamaike mipatuliro mu Excel, ndi mmene ndinathetsera ine.

Misozi: aJere, lanulo ndi vuto lenileni koma ndi lina. Kwa inu mpatuliro unali mu failo ya katundu. Mu CSV mpatuliro ndi umene umagawa zigawo, ndiye nambala ngati 1,200 ikapanda kutsekeredwa m'mitengero imaoneka ngati zinthu ziwiri. Kwa Mabvuto failo ya alimi inalibe mlandu, kupatula 12 aja. Mpatuliro unali mu khodi yake.

aJere: Oho, ndamva tsopano. Ndimaona ngati ndi chimodzimodzi. Pitirizani, ndikuwerenga.

Misozi: Ine chimene chandigwira mtima ndi mzere uja wa `Maboma:`. Mabvuto, unaulemba bwanji? Ndikuganiza kuti ndikudziwa kale.

Mabvuto: Asisi, unali chonchi:

```python
print("Maboma:", ",".join(MABOMA))
```

Misozi: Ndi zimenezo. `join` imaika mpatuliro pakati pa zinthu, ndipo pamalo amodzi pamene sinaike, mpatuliro wako wolakwika uja unali utakhalapo kale. Zinthu 5 zinatuluka zikuoneka ndendende ngati 6. Ukanalumikiza ndi mpatuliro ndi mpata, ukanaona kuti pakati pa Katete ndi Petauke pafinyika. Ukanangolemba `print(MABOMA)`, mitengero ikanaoneka. Sikuti unali wosasamala, unafunsa mboni ndipo mboniyo inakupatsa yankho looneka bwino. Ine zinandiphunzitsa kale zoterezi, masiku ano ndikamalemba mndandanda pa logi ndimalembanso kuchuluka kwake pambali. Nambala 5 sungaiwerenge ngati 6 ngakhale uli ndi tulo.

aTembo: Misozi wanena chachikulu. Ndiwonjezere cha mmene akanafupikitsira usikuwo, osati pomudzudzula, chifukwa inenso ndinagonapo pampando.

Mphwanga, unali ndi zizindikiro ziwiri m'manja cha m'ma 6 pomwe. Choyamba, sanali alimi ena a ku Katete amene anasowa, anali onse. Failo yolembedwa ndi anthu ikakhala yauve imaluma apa ndi apo, 12 mwa 256 monga unapezera. Koma ukaona boma lathunthu lili pa 0, kawirikawiri si zala za alembi, ndi lamulo limodzi mu khodi limene likuwakana onse pamodzi. Chachiwiri, Katete mwezi watha ankalandira. Chimene chinkagwira ntchito chikaleka, funso loyamba ndi lakuti chasintha n'chiyani kuchokera tsiku limene chinagwira komaliza. Ndipo Git imayankha funso limeneli. Ukanalemba `git log -p` pa failo ija ukanaona izi:

```diff
-    "Katete"
+    "Katete,"
+    "Petauke",
```

Mzere wa Katete uli pofiira ndi pobiriwira, kusonyeza kuti unaukhudza, pamene iwe m'mutu unkadziwa kuti unangowonjezera atatu atsopano.

Mabvuto: Akulu, ndayang'ana pompano, zili momwemo ndendende. Katete anali womaliza pamndandanda wakale ndipo analibe mpatuliro kumapeto. Kuti ndiwonjezere ena ndinayenera kumuikira, ndiye chala chinagwera mbali yolakwika ya mtengero.

aTembo: N'chifukwa chake ambiri timasiya mpatuliro ngakhale pa chinthu chomaliza, monga wachitira pa Sinda. Python imalola. Wobwera kudzawonjezera sakhudzanso mzere wakale.

Dalitso: aTembo, apo muwachenjeze. Ine mpatuliro wa kumapeto ndi umene unandipweteka. Ndinakopera mzere kuchokera m'kati mwa mabulaketi, unabwera ndi mpatuliro wake:

```python
mtengo = 250,
print(mtengo * 3)
# (250, 250, 250)
```

Ndinkayembekeza 750. Pa risiti ya kasitomala panatuluka ma 250 atatu m'mabulaketi. Mwamwayi zinaonekera msanga chifukwa zinali zonyansa pamaso. Ndiye ine ndimauopa mpatuliro wa kumapeto paliponse.

aTembo: Zoona, kunja kwa mabulaketi mpatuliro umenewo umasandutsa nambala kukhala `tuple` ya chinthu chimodzi. Mu JSON nawonso saulola, koma kumeneko imakana mokweza, umadziwa pomwepo. Ine ndikunena za m'kati mwa `[ ]` mu Python basi, pamene chinthu chilichonse chili pamzere wakewake. Usauope paliponse, dziwa pamene waima.

Chisomo: Ine ndinene mosabisa, nkhani yonseyi sikanachitika mukanaika chida chofufuza khodi. Pylint ili ndi chenjezo la zimenezi, `implicit-str-concat`. Kuika ndi mphindi zisanu. Tisamavutike ndi maso pa ntchito imene makina amagwira.

Misozi: Chisomo, wayesa pa khodi ya Mabvuto yeniyeniyo? Koperani mndandanda uli pamwambawo muyese.

Chisomo: Ndayesa. Sinanene kanthu pa mzere umenewo. Ndikaika Katete ndi Petauke pamzere umodzi ikuchenjeza, akakhala pamizere iwiri ili chete. Bwanji?

Misozi: Chifukwa anthu ambiri amadula mawu aatali pamizere ingapo mwadala, ndiye mmene imabwerera siyang'ana kudutsa mzere. Uyenera kuiuza wekha:

```ini
[STRING]
check-str-concat-over-line-jumps=yes
```

Ukatero igwira ya Mabvuto. Koma konzeka, m'pulojekiti yakale ikhoza kuyamba kudandaulanso pamalo ena pamene munadula mawu mwadala, ndipo anthu akatopa ndi machenjezo amasiya kuwawerenga. Chidacho ndi chabwino, ndimachigwiritsa ntchito. Ndikungokana zoti ukachiika ndiye wagona tulo.

Chisomo: Ndavomera theka. Ndiikabe, ndi mzere umenewo.

aTembo: Ika. Koma ine mpatulirowo sindikuupatsa mlandu waukulu. Mabvuto, tationetsa pamene pulogalamu imasankha woti imutumizire.

Mabvuto:

```python
for mlimi in alimi:
    if mlimi["boma"] not in MABOMA:
        continue
    tumiza(mlimi["foni"], uthenga)
```

aTembo: Apo. `continue` ameneyo anataya anthu 437 osatsokomola n'komwe. Lero ndi mpatuliro, mawa wina adzalemba Petauke molakwika, mkuja bungwe lidzalowa ku Nyimba n'kuiwala kukuuzani. Njira zolakwira ndi zambiri, sungazitseke zonse, koma zonse zimadutsa pakhomo limodzi lomweli. Ndiye pakhomopo ikapo wowerenga:

```python
from collections import Counter

osiyidwa = Counter(m["boma"] for m in alimi
                   if m["boma"] not in MABOMA)
print("Osiyidwa:", osiyidwa)
```

Lachitatu lija, usanatumize ndi uthenga umodzi womwe, sikirini ikanakuonetsa Katete ndi Petauke ndi mazana awo pambali, ndi ka `katete ` kaja ndi 12 yake. Ukanakonza 4 koloko isanapitirire, n'kukadya nsima kunyumba. Ine ndikanapitirira apo, osiyidwa akakhalapo pulogalamu iime, ifunse munthu ngati apitirize.

Dalitso: Kuima ndiye ayi, akulu. Mameseji ena amapita okha usiku pa nthawi yoikika, palibe munthu pa kiyibodi. Ikaima chifukwa cha mlimi mmodzi wolembedwa molakwika, onse 1,240 salandira. Kuli bwino 803 alandire kusiyana ndi kuti pasakhale wolandira.

aTembo: Pa uthenga wa msika mwina. Koma taganiza, 803 abwera ndi soya Lachisanu, a ku Katete amva kwa anzawo Loweruka kuti galimoto inabwera n'kupita. Kwa iwo zioneka ngati bungwe lawasankha. Kukonza mtima wa mlimi woteroyo ndi ntchito yoposa kuchedwa ola limodzi.

Misozi: Mukhoza kuika malire. Osiyidwa akakhala ochepa ipitirize n'kulemba lipoti, akachuluka kapena boma lathunthu likakhala pa 0 iime n'kutumiza meseji ku foni ya wa ntchito.

Dalitso: Nanga malirewo aike ndani, ndipo pa nambala iti? Ukaika 50, tsiku lina adzasowa 49 a mudzi umodzi.

aTembo: Limenelo si funso la Mabvuto yekha, ndi la eni uthengawo. Awafunse. Ine ndi Dalitso sitigwirizana lero.

Tikambenji: Ine ndibwerere kwa munthuyo. Mabvuto, bwanji sunalembe pagulu pano cha m'ma 9? Ambiri timakhala tili maso. Ukanangoponya mndandandawo, wina akanauona ndi maso atsopano.

Mabvuto: Ndinalemba uthenga kawiri n'kufufuta. Ndinkaopa kuti ndi khodi ya ntchito, komanso ndinkafuna ndipeze ndekha, poti ndine ndinaswa. Ndiponso kunena zoona, mndandandawo sindikanauponya, chifukwa ndinali nditaukhulupirira kale. Ndikanakutumizirani failo ya alimi, ndipo imeneyo ili ndi mafoni a anthu, singatuluke.

Misozi: Pa failo ya alimi unachita bwino, imeneyo isatuluke ndithu. Koma ukanangonena kuti maboma awiri athunthu ali pa 0 ndipo limodzi linkagwira mwezi watha, aTembo akanakufunsa za Git pomwepo. Sipafunika kuonetsa khodi yonse kuti munthu akufunse funso labwino.

aJere: Ine za khodi zandipitirira, koma ndifunse za alimiwo. Analandira uthenga wawo?

Mabvuto: Analandira, atate. Ndinafika ku ofesi 7 isanakwane, panjinga ya hayala, ndinatchaja laputopu. Apa ndinatsala pang'ono kulakwanso, chifukwa ndikanangoyendetsa pulogalamu yonse, 803 aja akanalandira kachiwiri, ndipo meseji iliyonse bungwe limalipira. Ndinasefa Katete ndi Petauke okha, ndinawerenga kuti ndi 437, ndinadzitumizira ndekha kaye, kenako ndinatumiza. Mlangizi wa ku Katete anaimba cha m'ma 8 kuti mafoni ayamba kulira. Anataya usiku umodzi wokonzekera, koma Lachisanu soya anabwera.

aTembo: Kusefa pamanja kumeneko kunagwira tsiku lija, koma pulogalamu iyenera kumakumbukira yokha amene yawatumizira kale uthenga uliwonse, kuti ukaiyendetsa kawiri isabwereze. Imeneyo ndi nkhani ina, tidzaikambe padera. Abwana wawauza?

Mabvuto: Ndinawauza zonse atangofika, ndinawaonetsa ndi mzere wofiira uja. Anakhala chete pang'ono, kenako anati kuyambira tsopano chilichonse chimene ndasintha wina aziyamba wachiona chisanapite, ndipo chawonso ine ndizichiona. `Counter` ija ndaika kale. Itangoyenda yandionetsa alimi 7 mu failo yatsopano ya sabata ino olembedwa Vubwi, boma limene silili pamndandanda wathu. Sindikudziwa ngati bungwe lalowako kapena alembi alakwitsa, ndawalembera kuwafunsa.

Dalitso: Ndiye pa 7 amenewo pulogalamu yako iima kapena ipitiriza?

Mabvuto: Pakali pano ikuima. Uthenga wotsatira ndi wa Lachiwiri, ndikudikira ayankhe lisanafike.